Makilo atatu sali chimodzimodzi kwa aliyense

Ana anga a pa Chisi, inu anyamata amene mumakhala masabata m'zimbowera pakati pa njedza, ndi inu atsikana amene mumayanika matemba n'kuwoloka nawo kupita ku Kachulu, khalani pansi ndikuphunzitseni kasamu kamodzi. Ndinagwira ntchito ya zaumoyo mpaka imvi zimenezi, ndipo chimene chinkandipweteka mtima nthawi zonse chinali kuona munthu akubwera naye atamunyamula, nthiti zikuwerengeka, achibale n'kumati, "Wayamba posachedwapa." Ukatsegula buku lake la kuchipatala umapeza kuti sanayambe posachedwa ayi. Manambala anali momwemo, olembedwa ndi manja osiyanasiyana, akutsika mwezi ndi mwezi, koma panalibe amene anawaika pamodzi.

Diso la munthu amene umakhala naye tsiku ndi tsiku siliona kuwonda. Mayi amene amapakulira mwamuna wake nsima m'mawa ndi madzulo amazolowera nkhope ija pamene ikuphwa. Amene amadabwa ndi mlendo wochokera ku Joni kapena ku Blantyre, ndipo iyeyo akamadzati "Kodi achimwene mwatani?" miyezi yabwino yothandizira munthu imakhala itapita kale. N'chifukwa chake ndikufuna kuti muzidalira sikelo ndi tsiku lolembedwa, ndiponso mudziwe kuwerenga zimene ziwirizi zikunena.

Choyamba mumvetse kuti kilo payokha sinena kanthu. Tiyerekeze anthu awiri, aliyense wataya makilo 3. Wina ndi mayi wa geni, wathupi ndithu, amene ankalemera makilo 85. Wina ndi agogo ochepa thupi amene ankalemera makilo 42. Onse awiri sikelo yatsika mofanana, koma mayi uja wataya magawo atatu ndi theka pa 100 alionse a thupi lake, pamene agogo aja ataya magawo 7 pa 100. Mayiyo tingamuuze kuti adzabwerenso mwezi wamawa tidzaone. Agogowo sitiwalola kubwerera kunyumba tisanawafunse bwinobwino ndi kuwayeza. Choncho funso si lakuti wataya makilo angati, koma lakuti wataya gawo lalikulu bwanji la thupi limene anali nalo, ndipo pa nthawi yaitali bwanji.

Samu yake ndi iyi. Tengani kulemera kwa munthu kwa masiku onse, kumene anali nako ali bwino. Chotserani kulemera kwa lero. Zotsalazo muzigawe ndi kulemera kwakale kuja, kenaka muchulukitse ndi 100. Yankho lake ndiye peresenti imene wataya. Samalani pogawapo: timagawa ndi kulemera kwakale, osati kwa lero, chifukwa tikufuna kudziwa gawo limene lachoka pa chinthu chonse monga chinalili poyamba.

Ndikudziwa kuti panyanja simuyenda ndi cholembera, ndiye nayi njira ya m'mutu. Kulemera kwanu kwa masiku onse kugaweni ndi 10, mwapeza 10 peresenti. Chimene mwapezacho chiduleni pakati, mwapeza 5 peresenti. Munthu wa makilo 60, 10 peresenti yake ndi makilo 6, ndipo 5 peresenti ndi makilo 3. Ndiye kuti malire ake awiri ndi 57 ndi 54. Wa makilo 50 malire ake ndi 47 ndi theka, kenaka 45. Aliyense wa inu awerengere malire ake lero akadali wathanzi, awalembe pa chikuto chakumbuyo cha buku lake la kuchipatala, pamodzi ndi tsiku limene anakwera sikelo.

Malire oyambawo ndi amene madokotala ambiri amagwirizana: munthu wamkulu akataya 5 peresenti kapena kupitirira pa miyezi 6 mpaka 12, iye asakufuna, asanasinthe dala kadyedwe kapena kagwiridwe ka ntchito, kuwondako ndi chizindikiro chofunika kuchifufuza ngakhale palibe pamene pakumupweteka. Malire achiwiri, 10 peresenti, ndi pamene tikuti zafika poipa. Koma liwiro nalonso limawerengedwa. Mu 1977 dokotala George Blackburn ndi anzake ku America anapereka muyezo umene zipatala zikuugwiritsabe ntchito: 5 peresenti pa mwezi umodzi, 7.5 pa miyezi itatu, 10 pa miyezi 6 ndi kuwonda kodetsa nkhawa, ndipo kupitirira pamenepo ndi kuwonda kwakukulu. Tanthauzo lake n'lakuti, kwa munthu wa makilo 60 uja, makilo 3 amene achoka pang'onopang'ono m'chaka chathunthu amatipatsa mpata wofufuza modekha, koma makilo 3 omwewo akachoka pa mwezi umodzi, bwato lichoke mawa lomwe.

Mwina mukufunsa kuti n'chifukwa chiyani tikuopa peresenti imeneyi. Munthu akamawonda chifukwa cha matenda sataya mafuta okha. Thupi limayamba kudya mnofu wake womwe, ndipo mnofu ndi umene umapalasa bwato, umene umakoka mpweya m'chifuwa, umene umatsokomola kuti makhololo atuluke. Chitetezo cha m'thupi chimatsika, zilonda zimachedwa kupola. Zimenezi zinadziwika kalekale. Mu 1936 dokotala wina wochita maopaleshoni, Hiram Studley, anawerenga odwala ake a zilonda za m'mimba. Mwa amene anafika pa opaleshoni atataya 20 peresenti kapena kupitirira, mmodzi mwa atatu alionse anamwalira. Mwa amene anataya zochepera pamenepo, omwalira sanafike anayi pa 100. Matenda anali amodzimodzi, mpeni umodzimodzi, koma wina anali ndi thupi lolimbanira ndipo wina linali litatha.

Tsopano ndikufotokozereni za msodzi wina, dzina ndisunga. Mwezi wa Epulo anaperekeza mkazi wake kusikelo ya ana, ndipo pocheza anakwera sikelo ya akuluakulu: makilo 62. Mlangizi wa zaumoyo analemba m'buku lake. Mu Julaye anabwera ndi kutentha thupi, anamuyeza malungo, sanawapeze, anamupatsa panado. Sikelo inati 59. Iye anaseka n'kunena kuti ndi mwera, munthu sudya bwino m'chimbowera nyengo yozizira. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa 62 tikachotsa 59 patsala 3. Tikagawa 3 ndi 62, n'kuchulukitsa ndi 100, tipeza 4.8. Wina anganene kuti sizinafike pa 5, ndiye palibe nkhani. Koma onani nthawi: miyezi itatu yokha, ndiponso ndi miyezi yokolola, pamene chimanga ndi mpunga zili m'nyumba ndipo anthu amanenepa. Munthu amene akutsika chonchi nthawi ya chakudya, pomadzakwana miyezi 6 adzakhala ali pafupi ndi 10 peresenti. Tsiku limenelo panafunika mafunso anayi: mukutsokomola, mukutentha thupi, mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda? Awiri mwa anayiwo anali atayankhidwa kale, ndipo limodzi lokha limakwanira kuti munthu ayezedwe makhololo.

Msodzi uja anabwereranso kunyanja. Mu Okotobala anabwera lamba ataboola mabowo awiri atsopano ndi msomali, khosi la malaya likulendewera, m'mbali mwa mutu pamwamba pa makutu mutalowa. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pamene dzanja la msodzi limakhala ndi mnofu wotukuka, panali dzenje. Sikelo inati 55. Makilo 7 pa 62 ndi 11.3 peresenti pa miyezi 6. Atafunsidwa anavomera kuti usiku amadzuka bulangeti litanyowa, ndipo kachifuwa kanamuyamba nthawi ya mwera koma ankati ndi utsi wowambira mlamba. Makhololo anaonetsa chifuwa chachikulu. Magazi anaonetsa kachilombo ka HIV, kamene sankadziwa kuti ali nako.

Kwa munthu amene ali ndi kachilomboka, 10 peresenti ija ili ndi tanthauzo lapadera. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linagawa matendawa m'magawo anayi. Kuwonda kopanda chifukwa chodziwika kosafika 10 peresenti kuli m'gawo lachiwiri. Kukapitirira 10 peresenti munthu ali m'gawo lachitatu, ndipo achipatala amamusamala ngati amene matenda apita naye patali, kumuyeza zina zobisika asanachedwe. Kuwondako kukaphatikizana ndi kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi kopitirira mwezi, ndiye gawo lachinayi. Msodzi uja anayamba mankhwala a chifuwa chachikulu a miyezi 6, kenaka ma ARV, amene boma lakhala likupereka ulere kuyambira 2004. Sikelo inapitiriza ntchito yake: chiwerengero cha mapiritsi a chifuwa chachikulu chimayendera kulemera kwa munthu, ndipo ulendo uliwonse wokatenga mankhwala ankamukweza. Atayamba kukwera, 56, 58, 60, tinadziwa kuti mankhwala agwira. Munthu amene ali pa mankhwala amenewa koma akutsikabe, pamakhala china: mwina akudumphitsa kumwa, mwina chakudya kunyumba kulibe, mwina pali matenda ena, mwina tizilombo tasiya kumva mankhwala. Msodzi ujayo ali moyo ndipo akupha nsomba, koma miyezi itatu ija ya pakati pa Julaye ndi Okotobala ankatsokomolera anzake m'chimbowera chopapatiza, ndipo zimenezo zikanapeweka.

Pali msampha umodzi umene umakola ngakhale ogwira ntchito kuchipatala, ndipo ndikufuna muudziwe kuti muzitha kuwakumbutsa mwaulemu. Munthu akabwera, timakonda kuyerekeza kulemera kwa lero ndi kwa ulendo wathawu basi. Wina akayenda 62, 60, 58, 56, ulendo uliwonse tiona makilo awiri, pafupifupi 3 peresenti, n'kumati n'zochepa. Ulendo wotsatira tinenanso chimodzimodzi. Koma kuchoka pa 62 kufika pa 56 ndi makilo 6, pafupifupi 10 peresenti. Nthawi zonse bwererani m'mbuyo m'buku mpaka mupeze kulemera kwa nthawi imene munthu anali bwino, muyambire pamenepo. Buku likatha masamba musaliponye kudenga kuti chiswe chidye. Nambala yakale ija ikopereni m'buku latsopano. Ndipo inu amene mumayenda, lero Chisi, mawa Mposa, mkuja kutsidya ku Mozambique, buku liziyenda nanu m'pepala lapulasitiki, chifukwa chipatala chachilendo sichikudziwani mmene munalili.

Sikelo nayonso imanama ngati simuisamala. Thupi la munthu limasinthasintha kilo imodzi kapena ziwiri pa tsiku chifukwa cha madzi, nsima ndi za m'mimba, ndiye musathamange mtima ndi kilo imodzi. Muziyesetsa kukwera sikelo imodzimodziyo, itaikidwa pa simenti osati pa mchenga, muvi utayambira pa ziro. Vulani majombo ndi jekete, ndipo musakwere ndi zovala zonyowa zochokera nazo m'madzi. M'mawa, mutakodza, musanadye, ndiyo nthawi yabwino. Masikelo a ogula mbewu asiyeni, aliyense akudziwa mmene amayendera. Kumene kulibe sikelo kapena nambala yakale, zovala zimachitira umboni: thalauza imene inkakwana, chitenje chimene chayamba kuzungulira mopitirira, mphete imene ikuvuka yokha. Alangizi a zaumoyo alinso ndi kalamba koyezera mkono, ndipo kamagwira ntchito kwa akuluakulu omwe, osati ana okha.

Madzi amasokoneza samuyi mbali ziwiri. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Munthu wotsegula m'mimba kwambiri, monga zimachitikira kolera ikabuka panyanja pano, angataye makilo 4 kapena 5 tsiku limodzi. Kumeneko si kuwonda kumene ndikunena, ndi kutha madzi m'thupi, ndipo sikudikira samu: Thanzi ORS m'kamwa, ulendo wa kuchipatala nthawi yomweyo. Mbali inayo ndi yobisika. Munthu amene mapazi atupa kapena mimba yadzaza madzi, kaya chifukwa cha mtima, impso, chiwindi chimene likodzo lawononga, kapena kuperewera zakudya, angakwere sikelo n'kupezeka sanatsike, pamene mnofu watha. Dinani chala pamwamba pa phazi, muwerenge mpaka katatu, muchotse. Pakatsala dzenje, nambala ya sikelo musaikhulupirire. Yang'anani mapewa, mikono ndi matako.

Wina anena kuti, "Agogo, nanga njala? Tonsefe timawonda mu Januwale ndi Febuluwale." N'zoona. Nthawi yolima, nkhokwe zitapepuka, munthu wamkulu angatsike makilo awiri kapena atatu, ndipo zaka zimene nyanja yaphwa, monga 1995 ndi 2018 pamene anthu ankayenda pansi pamene pankadutsa mabwato, mabanja athunthu anawonda. Kusiyanitsa kwake n'kotheka. Wanjala amalakalaka chakudya, ukamupatsa amamaliza mbale, ndipo nyumba yonse imawondera limodzi n'kubwerera limodzi dzinthu zikacha. Wodwala amawonda yekha pakati pa anthu amene akudya mphika umodzi, nthawi zambiri amasiya nsima m'mbale, ndipo Epulo ndi Meyi akadutsa iye sabwerera. Komabe musaganize kuti kuwonda kwa njala kulibe vuto. Munthu amene wataya 10 peresenti ndi wofooka mofanana, kaya chamuwondetsa n'chiyani, ndipo njala imatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Ameneyonso apite akaonedwe.

Chinthu china chimene chimachedwetsa anthu ndi maina amene timapatsa kuwonda. Makolo ankati kaliwondewonde, ena amati kanyera, ena tsempho, ndipo mabanja amatha miyezi akufunsana kuti walakwa ndani, wathira mchere ndani. Zaka za m'ma 1990, pamene maliro ankachuluka, kuwonda kunasanduka manyazi, ndipo mpaka lero munthu amavala malaya awiri kuti asamunene. Sindikunyoza miyambo ya makolo, koma ndikukuuzani zimene ndinaona ndi maso: nthawi imene banja likukambirana za mchere, sikelo imapitiriza kutsika. Ndipo si aliyense wowonda amene ali ndi kachilombo. Alipo amene akudya kwambiri, akumwa madzi osakhuta, akudzuka kukakodza usiku wonse, nyerere zikuunjikana pamene akodza: amenewo ndi matenda a shuga, ndipo kadontho kamodzi ka magazi a pachala kamaulula. Alipo achikulire amene ayamba kusiya nsima yolimba n'kumapempha phala, kenaka phala lomwe likukakamira pachifuwa. Khansa ya kummero ndi yofala kuno kwathu kuposa maiko ambiri, ndipo munthu wotere afunika kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Zomba mosazengereza. Alipo amayi amene akutaya magazi atasiya kale kusamba. Alipo amene mtima ukugunda mothamanga, manja akunjenjemera, akumva kutentha anzawo akuzizidwa, chifukwa cha chithokomiro. Alipo agogo amene mano anatha ndipo palibe amene akuwaphikira zofewa, amasiye amene chisoni chawalanda chilakolako cha chakudya, ndi anyamata amene kachasu walowa m'malo mwa nsima. Zambiri mwa zimenezi zili ndi chithandizo, ndipo zonse zimayenda bwino zikapezeka munthu ali pa 5 peresenti kusiyana ndi pa 15.

Malire amene ndakupatsaniwa ndi a akuluakulu. Mwana sitidikira kuti ataye 5 peresenti, chifukwa ntchito ya mwana ndi kukula: mzere wake pa khadi la kusikelo ukangogona osakwera, imeneyo ndi nkhani kale. Mayi woyembekezera amene sakukwera kapena akutsika, chimodzimodzi. Khanda lokha ndi limene limatsika pang'ono masiku oyamba, osapitirira 10 peresenti, n'kubwerera pomakwana masabata awiri.

Inu achinyamata ndi amene mumadziwa kuwerenga, ndiye udindo wotsegula mabuku a makolo anu ndi wanu. Koma pali kayankhulidwe kake. Simungauze bambo anu kapena amalume pagulu kuti, "Mwawonda." Dikirani mukhale awiri, munene kuti, "Bambo, ndimaona buku lanu lija. Chaka chatha munali 64, pano alemba 59. Ndikupemphani tipite limodzi akakuoneni, ine ndipalasa." Nambala ilibe chipongwe, ndipo munthu wamkulu amailandira mosavuta kusiyana ndi mawu onena za nkhope yake. Mkazi kapena mwamuna wanu muzimuuza chimodzimodzi, ndipo ngati nkhani ifika poyezetsa magazi, yezetsani nonse.

Mukafika kuchipatala musangoti, "Thupi silikundikomera," chifukwa pamzere pali anthu ambiri ndipo mudzabwerako ndi panado. Nenani zinthu zinayi momveka: ndinkalemera mwakuti mwezi wakuti, lero ndikulemera mwakuti, sindinachite dala, ndipo ndikumvanso zakutizakuti. Tchulani chifuwa, thukuta la usiku, kutsegula m'mimba, ludzu, kuvutika kumeza, magazi kulikonse kumene mwawaona, chotupa chilichonse, mowa umene mumamwa ndi mankhwala alionse amene mukumwa, a zitsamba omwe. Pemphani kuti akuyezeni makhololo, HIV, shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Ngati zonsezi sizinaonetse kanthu koma mwapitirira 10 peresenti, kapena muli ndi chizindikiro china mwa zimene ndatchulazi, funsani za kalata yopita ku Zomba kumene kuli makina ojambula m'chifuwa ndi m'mimba.

Zimachitika ndithu kuti munthu ayezedwa zonse koma chifukwa osapezeka. Pamenepo musanene kuti achipatala alephera, tiyeni kwina. Gwirizanani tsiku lobwerera, mwezi uliwonse, pa sikelo yomweyo, kwa miyezi itatu mpaka 6, uku mukuwonjezera chakudya: phala lothira nsinjiro m'mawa, nsomba zina zizitsala pakhomo osagulitsa zonse, kudya pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Nambala ikaima kapena kuyamba kukwera, mtima ukhale m'malo. Ikatsikanso ndi kilo imodzi kapena ziwiri miyezi iwiri yotsatizana, kapena chizindikiro chatsopano chikaoneka, kuyeza kuyambirenso, ndipo makhololo aperekedwenso ngakhale oyamba aja sanaonetse kanthu.